Nthabwala ya "mdani wa mdani" yandilakwitsira ana masamu

Nachisale: Akuluakulu mwaswera bwanji. Pali nkhani yandisowetsa tulo, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa masamu Fomu 1 pa sekondale ina yoyendera kuno kumudzi, ana 84 m'kalasi imodzi. Masabata awiri apitawa tinafika pa kuchulukitsa manambala a negetivi. Ndinagwiritsa ntchito nthabwala ija tonse timaidziwa, yoti mnzake wa mnzako ndi mnzako, mdani wa mnzako ndi mdani wako, koma mdani wa mdani wako ndi mnzako, mdani akuimira negetivi, mnzako akuimira pozitivi. Ndinaithira mchere ndi nkhani ya amayi awiri osayankhulana, amene atangozindikira kuti onse amadana ndi mayi wolanda mzere pa mjigo, mawa lake anayamba kubwerekana sefa. Ana anaseka mpaka aphunzitsi a kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira pawindo.

Lachisanu ndinapereka kamayeso. Funso la (−3) × (−5) pafupifupi onse anakhoza, 15. Koma pa −3 + (−5), ana 51 andilembera 8. Chondiwawa n'choti kuphatikizaku tinaphunzira kale mwezi watha ndipo ankakhoza bwinobwino. Ndiye kuti nthabwala yanga yagumula khoma lomwe linali litaima kale. Ndiisiye, kapena pali pokonza?

Wafizikisi: Kkkkk Madamu, amayi a pa mjigo aja akubwezerani chipongwe.

Agogo a Choko: Mwana wanga, ine ndinagwira choko zaka zoposa makumi atatu ndipo sindinasekepo ndi negetivi. Lamulo unkalemba pabolodi, ana n'kukopera, n'kuwapatsa masamu makumi anayi. Wolakwa ankabwereza. Masiku ano mukufuna kalasi ikhale ngati bwalo la zisudzo, ndiye zotsatira zake ndi zimenezo.

Nachisale: Ndamva Agogo, koma chaka chatha ndinaphunzitsa mouma choncho, ndipo theka la kalasi linkagona. Ana ena amayenda mtunda wautali osadya kanthu, piriyodi ya masamu n'kukhala itatha buleki dzuwa lili paliwombo.

Bambo Mbewe: Madamu, tisanaweruze nthabwalayo, tandiuzani kaye. Pa kamayesoko panali funso lophatikiza nambala ya negetivi ndi ya pozitivi? Ngati linalipo, anayankha bwanji?

Nachisale: Analipo awiri. Pa −7 + 2 ambiri anakhoza, analemba −5. Pa 7 + (−2) ndi pomwe panagwa anthu, ambiri analembanso −5.

Bambo Mbewe: Eya, ndimayembekezera zomwezo. Musanyengedwe ndi −7 + 2 uja, ambiri mwa iwo sanakhoze, angochita mwayi. Taonani zomwe mwanayo akuchita m'mutu mwake. Akuyamba wapeza nambala, 7 kuchotsera 2 kutsala 5. Kenako akufunsa nthabwala kuti chizindikiro chikhale chiti. Pali mdani, palinso mnzako, ndiye negetivi. Pa −7 + 2 yankho loona limakhaladi la negetivi chifukwa 7 ndi wamkulu, ndiye njira yolakwika yamufikitsa pakhomo loyenera. Pa 7 + (−2) njira yomweyo yamugwetsera m'dzenje. Mukanangofunsa loyambalo, mukanapita kunyumba mukuimba nyimbo kuti ana amva.

Tsono vuto lili apa. Nthabwalayo imauza mwana zoyenera kuchita akaona zizindikiro ziwiri, koma simuuza kuti achite zimenezo liti. Iye wasunga kuti negetivi awiri akakumana pamatuluka pozitivi, basi. Kaya akumana pochulukitsa, kaya pophatikiza, kaya pochotsera, kwa iye ndi amayi a pa mjigo omwe aja.

Koma mankhwala ake ali m'Chichewa mwathu momwemu. Tamverani mawuwo bwino. Timati mdani WA mdani. Kamawu kameneka ndiko kuchulukitsa. Tikati theka la 10, kapena magawo atatu a 12 mwa anayi, timachulukitsa. Pomwe −3 + (−5) si mdani wa mdani ayi, ndi mdani NDI mdani. Wina wakudikira kutsogolo, wina kumbuyo. Munthu wokumana ndi adani awiri panjira sanena kuti lero ndapeza bwenzi, mavuto angowonjezeka. Adani atatu ndi adani asanu, adani asanu ndi atatu, −8. Ine ndimalemba WA ndi NDI zikuluzikulu mbali ziwiri za bolodi, ndipo mwana asanagwire cholembera ndimamufunsa kuti funso ili ndi la WA kapena la NDI.

Nangozo: Iii Bambo Mbewe, zaka zonsezi ndakhala ndikunena nthabwala imeneyi osaona kuti nkhani yagona pa "wa". Ndalemba m'kope.

Mwale Wapatiipi: Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndili pa ntchito yoyeserera uphunzitsi temu ino. Ngati mukufuna nthabwala ndili nazo zambiri. Ina ndi iyi: n'chifukwa chiyani buku la masamu limakhala losakondwa? Chifukwa lili ndi mavuto ambiri. Ana anga amaikonda kwambiri. Ndingatumize zina khumi.

Wafizikisi: Achimwene, imeneyo m'Chingerezi ndi momwe imaseketsa, chifukwa mawu oti funso la masamu ndi oti vuto ndi amodzi. M'Chichewa yafika itazizira ngati nsima ya dzulo. Komanso Madamu sakusowa zoseketsa, ana awo aseka kale mopitirira muyeso.

Mwale Wapatiipi: Ooh, ndinawerenga mothamanga. Ndimayesa akufuna zoyambira phunziro.

Bambo Mbewe: Musachite manyazi a Mwale, yanuyo ili ndi ntchito yake, imadzutsa ogona. Koma mwana akaikumbukira m'chipinda cha mayeso sapeza nayo malikisi ngakhale imodzi, chifukwa mulibe masamu m'kati mwake. Ilibenso ngozi pa chifukwa chomwecho. Zoopsa ndi izi zonyamula lamulo, chifukwa zikanyamula mopendama mwana amapendama nazo mpaka Fomu 4.

Nachisale: Za WA ndi NDI ndazimva ndipo ndiyesa Lolemba. Koma 7 + (−2) uja bwanji? Abwenzi asanu ndi awiri ndi adani awiri. Mwana anganene kuti onse pamodzi ndi anthu 9.

Bambo Mbewe: Mwagwira pomwe nthabwalayo imathera. Pamenepo musaikakamize. Pa kuphatikiza ndi kuchotsera bwererani ku zomwe munagwiritsa ntchito mwezi watha. Munaphunzitsa ndi chiyani?

Nachisale: Mzere wa manambala, komanso ngongole ya pa okala.

Bambo Mbewe: Basi, ngongoleyo ndi yokwanira. Uli ndi 7 m'thumba, pa okala pali ngongole ya 2, ukabweza utsala ndi 5. Adani asalowe nawo m'nkhani ya ngongole.

Nangozo: Ine ndiye ndimati bwanji osangogwiritsa ntchito ngongole paliponse, adaniwo n'kuwataya? Ngongole ana amaidziwa kuyambira kunyumba. Ngakhale −3 − (−5) imatheka. Kuchotsa ngongole ndi chimodzimodzi kupatsidwa ndalama, ndiye −3 + 5, yankho 2. Pochulukitsanso chimodzimodzi, ngongole kuchulukitsa ndi ngongole imasanduka phindu. Ndimawauza kuti ukakongola kwambiri mapeto ake umalemera, amaseka, n'kusunga.

Wafizikisi: Madamu Nangozo, ngati zili choncho ine bwenzi ndili mpondamatiki pofika lero. Mundionetse okala imeneyo.

Bambo Mbewe: Kkkk. Gawo loyambalo mwalondola Madamu, kuchotsa ngongole ndi kupatsidwa ndalama, ndipo ana amaimva msanga mukanena kuti mwini okala wang'amba tsamba la m'kope la ngongole. Koma gawo lachiwirilo ayi. Ngongole sichulukitsidwa ndi ngongole, monganso simungachulukitse makwacha ndi makwacha. Mwana woganiza adzaona kuti zimenezo n'zabodza, ndipo phunziro lomwe atengepo n'loti masamu ndi zinthu zongovomera ngakhale zisakumveka. Ngati mukufuna ngongole ifike pa kuchulukitsa, nambala imodzi yokha ndiyo ikhale ngongole, inayo ikhale kangati. 3 × (−5) ndi kulemberedwa ngongole ya 5 katatu, −15. Ndiye (−3) × (−5) ndi kufufutiridwa ngongole ya 5 katatu. Wapepukidwa ndi 15.

Komabe ine chomwe ndimadalira si nkhani iliyonse mwa izi. Ndimalemba mndandanda uwu pabolodi, mzere umodzi umodzi, ana akuyankha okha:

3 × (−5) = −15
2 × (−5) = −10
1 × (−5) = −5
0 × (−5) = 0

Ndikafika apa ndimaima n'kufunsa kuti mayankhowa akuyenda bwanji. Sipatenga nthawi, wina amaona kuti akukwera ndi 5 nthawi iliyonse. Ndiye ndimalemba (−1) × (−5) n'kukhala chete. Amayankha okha kuti 5, ena mokayika, akuyang'anana. Kenako 10, kenako 15. Lamulo alipeza ndi manja awo. Nthabwala ya adani ndimaibweretsa pambuyo pa zimenezi, mphindi zisanu zomaliza, kuti ikhale chogwirira cha chinthu chomwe achiona kale. Madamu Nachisale, inu munayamba ndi chiyani?

Nachisale: Ndisaname, ndinayamba ndi nthabwala. Mndandandawo sindinaulembe n'komwe, nthawi inathera kuseka. Piriyodi ya mphindi 40, amayi a pa mjigo anadya mwina 15.

Agogo a Choko: Mwamva tsono? Mphindi 15. Masamu angati akanagwiridwa pamenepo? Za mndandandazo a Mbewe ndikugwirizana nanu, ifenso tinkatero. Koma mwana akaona yekha kuti mayankho akukwera ndi 5, nthabwala ikufunikanso chiyani? Mwaphika ndiwo zapsa, mukuthiranso madzi.

Bambo Mbewe: Funso lanu ndi lolemera Agogo. Yankho langa n'loti mndandanda umathandiza kumvetsa lero, koma mu Fomu 3 mwana ali pakati pa funso lalitali la aljebura sadzaima kuti alembe mizere isanu ndi iwiri. Amafuna chinthu chachifupi chobwera msanga. Kaya chikhale lamulo louma, kaya nthabwala, chachifupicho chidzakhalapo basi. Ine ndimaona kuti choseketsa chimakhalitsa m'mutu.

Agogo a Choko: Cholakwika chikakhalitsa m'mutu ndiye bwanji? Ana 51 aja sachiiwala msanga.

Wafizikisi: Apa Agogo akunena zoona, ndili ndi umboni. Ine pa magetsi ndinkakonda kunena kuti waya wa kopa ali ngati kondakitala wa minibasi, ntchito yake ndi kukweza ma elekitironi kuti ayende. Mawuwo ndi amodzi m'Chingerezi, ndiye ndinkaona ngati ndatola chikwama. Tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 2 anakweza dzanja n'kuti, aphunzitsi, kondakitala saloleza munthu kudutsa osalipira, ndiye kuti waya umadya ma elekitironi ena panjira? Kalasi yonse inavomereza kuti n'zomveka. Ndipo ili ndi bodza lomwe ana ambiri amabwera nalo kale, loti karenti imachepa ikamazungulira, babu loyamba limadya yambiri, lachiwiri n'kulandira zotsala. Ine ndi nthabwala yanga ndinalithirira feteleza. Zinanditengera kubwereka ma amita awiri, kuika ina babu lisanafike, ina litadutsa, mu seketi ya mzere umodzi, kuti aone ndi maso kuti zikuwerenga mofanana. Ngakhale pamenepo wina anati mwina amita inayo ndi yowonongeka, mpaka tinazisinthanitsa.

Nangozo: Ndiye munaisiya?

Wafizikisi: Ndinaitembenuza. Pano ndimati okwera onse amatsika ali amoyo, palibe amene amasowa panjira, chomwe chimatha ndi ndalama za m'thumba. Okwera ndi chaji, ndalama ndi mphamvu yomwe batire lawapatsa. Koma kondakitala ndinamuchotsa ntchito, chifukwa wolipiritsa pa seketi ndi babu, osati waya.

Bambo Mbewe: Mwakonza bwino. Ine nthabwala iliyonse ndisanapite nayo m'kalasi ndimaiyesa motere: ndimadziyesa mwana wochenjera koma waulesi, amene wasunga nthabwala yokhayo osamva china chilichonse, n'kuyankha nayo mafunso a mutu wapitawo ndi a mutu ukubwerawo. Ikandipatsa yankho lolakwika, ndadziwa pomwe ana adzagwere. Chitsanzo ndi ija ya pa boda, yoti nambala ikawoloka chizindikiro cha = imasintha ngati munthu wosintha makwacha polowa m'Mozambiki pa Dedza. Pa x + 4 = 10 imagwira, x = 10 − 4. Koma iyeseni pa 2x = 10. Mwana amawolotsa 2, n'kumusintha kukhala −2, ndiye mumalandira x = 10 − 2 kapena x = 10 ÷ (−2). Ndinaitaya kalekale imeneyo. Sikelo ya pa chigayo imachita bwino, chomwe wachita mbali iyi uchitenso mbali inayo.

Mwale Wapatiipi: Aaa, ya bodayo ndaiphunzitsa sabata yathayi.

Nangozo: Musadandaule, tonse tinadutsa momwemo. Apatseni 2x = 10 mawa muone.

Mwale Wapatiipi: Nanga ilipo nthabwala yomwe inapambana mayeso anuwo, Bambo Mbewe? Chifukwa mmene zikumvekera apa zonse ndi misampha.

Bambo Mbewe: Ilipo imodzi yomwe ndimainyadira, ya malonje. Mukudziwa kuti ana amakonda kulemba (a + b)² = a² + b². Ndimayamba ndi manambala kuti aone kuti pali chasowa. (3 + 4)² ndi 7 × 7, 49. Koma 9 + 16 ndi 25. Ndimafunsa kuti 24 wapita kuti, wamuba ndani. Kenako ndimalemba (a + b)(a + b) n'kunena kuti awa ndi mabanja awiri akumana pa chinkhoswe, akuchimuna bulaketi iyi, akuchikazi bulaketi iyo. Kwathu kuno mlendo sapereka moni kwa munthu mmodzi n'kukhala pansi. Aliyense wa uku agwirane chanza ndi aliyense wa uko. Ndimaitana ana anayi kutsogolo, awiri ndimawapachika pepala la a, awiri la b. A a akupereka moni kwa mnzawo wa dzina, a². A a kwa a b, ab. A b kwa a a, ba. A b kwa mnzawo wa dzina, b². Moni anayi. Ndiye wolemba a² + b² ndi mlendo wamwano amene wangopatsa moni a dzina lake okha, apongozi n'kuwadumpha. Ana amachita kugwada, kuwomba m'manja, "muli bwanji, kaya inu, tili bwino, kaya kunyumba", kalasi yonse m'mimba kuwawa. Koma taonani, chomwe akusekacho ndi masamu enieniwo. 24 uja ndi moni awiri a apongozi, 3 × 4 ndi 4 × 3.

Ubwino wake n'ngoti ukaikokera kwina siduka. Pa (x + 2)(x + 5) moni ndi anayi omwewo, x² + 5x + 2x + 10. Banja lina likabwera ndi anthu atatu, moni asanu ndi mmodzi, ndipo mwana amatha kuwerenga yekha ngati wadumpha wina. Ndikamachonga, ndikapeza wasiya 2ab, ndimangolemba m'mbali kuti "apongozi?" ndipo amadziwa yekha chokonza.

Nachisale: Imeneyi ndaba, musandisumire. Koma pa (x − 3)² sasokonezeka?

Bambo Mbewe: Amasokonezeka, koma osati chifukwa cha malonje. Moni amapereka onse anayi, vuto limakhala pa womaliza, (−3) × (−3), ena amalemba −9 m'malo mwa 9. Yankho ndi x² − 6x + 9. Ndiye mwaona, adani anu aja abweranso. Ndipo pa −3x − 3x pamafunika NDI, osati WA, apo ayi mulandira +6x. Funso limodzi lomweli lili ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndikuti muikonze pano ali Fomu 1.

Nangozo: Chenjezo limodzi pa zoitana ana kutsogolozi. Ine zinandionekera pa sukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa kale. Pofotokoza kuti chilichonse chochulukitsidwa ndi 0 chimakhala 0, ndinaloza mtsikana wina wofatsa n'kunena kuti tiyerekeze uyu ndi Ziro, aliyense womukhudza amatha. Ndinkangocheza. Dzinalo linamumatirira, anzake ankathawa akamadutsa, amvekere usandikhudze ndingathe. Patapita masabata atatu mayi ake anabwera ku ofesi ya ahedi, mwana akukana kubwera kusukulu. Manyazi omwe ndinachita tsiku limenelo sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo wosekedwa m'nthabwala zanga ndimakhala ine mwini, kapena munthu wopeka. Ndipo kutsogolo kumabwera odzipereka okha.

Bambo Mbewe: Zoona Madamu. Pa malonje paja mlendo wamwano ndimakhala ineyo, ana anayiwo amachita zolondola.

Agogo a Choko: Chinanso chomwe simukunena. Zonsezi mukuchita m'Chichewa, WA, NDI, apongozi. Pepala la MANEB limabwera m'Chingerezi. Komanso alangizi akakupezani mukuphunzitsa sekondale m'Chichewa mudzayankha chiyani?

Wafizikisi: Agogo, nthabwala ya m'Chingerezi kwa ana a Fomu 1 akumudzi mumaseka nokha. Ndinayesapo, ana anangoikopera m'makope ngati manotsi.

Bambo Mbewe: Phunziro lonse limakhala m'Chingerezi, Chichewa chimalowa mphindi zochepa, ndipo ndikatha ndimabwereza mfundoyo m'Chingerezi n'kuilemba pabolodi. Chizindikiro cha × ndi cha + pa pepala la mayeso sichikhala m'chilankhulo chilichonse. Koma pali pomwe Agogo akukhoza. M'kalasi momwe muli ana oyankhula Chitumbuka kapena Chiyao kunyumba, musaganize kuti kusiyana kwa WA ndi NDI onse akumva mofanana. Funsani mmodzi afotokoze m'mawu ake.

Agogo a Choko: Ine sindinakhutirebe. Ndikanakhala Madamu Nachisale, adaniwo ndikanawakwirira osawatchulanso, n'kupereka masamu osakaniza tsiku lililonse mpaka zilowe.

Nachisale: Zosakanizazo nditenga, Agogo, chifukwa ndaona kuti ntchito yomwe ndinapereka pambuyo pa phunziro lija inali yochulukitsa yokhayokha, masamu khumi onse. Mwana sankafunika kusankha chilichonse, ndiye sindikanadziwa. Koma kukwirira sikutheka, ana akuitchula okha, ngakhale pa mpira ndamva wina akuti mdani wa mdani. Lolemba ndiyamba ndi mndandanda wa Bambo Mbewe, kenako WA ndi NDI, kenako mafunso awa pamodzi: −3 + (−5), −3 − 5, −3 − (−5), (−3) × (−5), 7 + (−2). Asanawerengere alembe kaye pambali ngati ndi nkhani ya adani kapena ya ngongole.

Bambo Mbewe: Onjezanipo −7 + 2 uja, koma owakhoza muwafunse kuti anayenda bwanji. Ndipo pa −3 − 5 muyang'anitsitse, chifukwa pamenepo mwana amaona timizere tiwiri n'kuthamangira 8 kapena 2, pomwe ndi ngongole ya 3 kuwonjezera kukongolanso 5.

Mwale Wapatiipi: Nanga −3² ndi (−3)² tingazipezere nthabwala yanji? Anga onse akulemba 9 pa zonse ziwiri.

Wafizikisi: Bulaketi ndi chitenje, chofunda chimakwirira ndi negetivi yemwe. Popanda chitenje negetivi amatsala panja akuzizidwa, −9.

Bambo Mbewe: Musanapite nayo m'kalasi a Mwale, iyeseni kaye pa 5 − 3² ndi pa −(3)², muone ngati chitenjecho sichikuvundukuka. Ine ndikukachonga makope, mundiuze mawa.